Polowa anafuna chala chimodzi, potuluka akuti imbani foni

Kumayambiriro kwa Disembala 2024, ndili khale pakhonde kwathu ku Area 25 mu Lilongwe, ndinatsegula apu ya banki ya ku Mangalande kuti ndione tindalama tomwe ndinasiya mu akaunti pobwerera kuno kumudzi. Ndinasiyamo mapaundi 120 oti ndidzalipirire mapepala a kusukulu komwe ndinkaphunzira. Ndinapeza mwatsala 75.

Mapaundi 45 anali atapita ku kampani ina yosindikiza magazini yotuluka sabata iliyonse. Nthawi imeneyo paundi imodzi inkaposa K2,000 pa mtengo wa kubanki, ndiye werengerani nokha. Ndalama yoposa K90,000 inali itapita kaamba ka magazini yomwe inkangogwera pakhomo la nyumba ya ku Nottingham, komwe ndinali nditasamukako kumapeto kwa Okutobala.

Ndivomereze pano: kulakwa koyamba kunali kwanga. Ndinayenera kuletsa magaziniyo ndisanakwere ndege, koma m'chipwirikiti cha kulongedza ndinaiwala. Chomwe ndikukana ndi zomwe zinatsatira. Kuchokera tsiku lomwe ndinati "basi, sindikuifunanso" kufikira tsiku lomwe kampaniyo inavomera kuti yamva, panadutsa masabata asanu ndi limodzi. Chifukwa chake chinali chimodzi: kampaniyo imalola kuletsa kudzera pafoni pokha.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindizungulira. Khomo lomwe munthu walowera likhale lomwelo lotulukira. Kampani yomwe yalandira dzina lako, adiresi yako ndi nambala ya akaunti yako pa intaneti ilibe chifukwa chomveka chokanira mawu oti "siyani" pa intaneti pomwepo.

Mmene ndinalowera mumono

Kwathu kuno nkhani ya nyuzipepala njosavuta. Wavenda amaima pamaloboti kapena pakhomo la sitolo, ukafuna umagula, ukapanda kufuna umangodutsa. Palibe amene amakuthamangira kuti bwanji lero sunagule. Kunja anthu ambiri amalembetsa kuti nyuzipepala kapena magazini izibwera pakhomo, ndipo kampani imadzidulira yokha ndalama ku banki nthawi ikakwana.

Ine ndinalembetsa mu Febuluwale 2024. Malonda ake anali okoma: masabata 12 pa mapaundi 12 okha, kutanthauza paundi imodzi kope lililonse. Ndinadina batani lolembedwa Subscribe, kulemba dzina, adiresi ndi nambala ya akaunti, basi zatheka. Tiyi yemwe ndinali nditathira anali asanazizire.

M'munsi mwake munali timalemba ting'onoting'ono toti masabata 12 akatha, mtengo udzakhala mapaundi 45 pa masabata 13 alionse, ndipo azidzadula okha mpaka nditaletsa. Ndinaona, sindinganame. Ndinangoti mumtima, ndikadzatopa nayo ndidzadina batani lina. Sindinadzifunse ngati batani linalo lilipo.

Amene munakulira kufupi ndi mtsinje mukuudziwa mono. Pakamwa pake mpotakasuka, nsomba imalowa mosavuta, koma ikafuna kubwerera imapeza timitengo taloza mkati. Sikuti khomo latsekedwa, ayi. Lilipo ndithu, kungoti analipanga mwakuti kutulukirapo kukhale kowawa.

Masabata asanu ndi limodzi a "imbani foni"

Tsiku lomwelo ndinalowa patsamba la kampaniyo. Munali posinthira adiresi, posinthira akaunti yolipirira, ngakhale pogulira mnzako magazini ngati mphatso. Poletsera panalibe. Nditafufuza m'mafunso ndi mayankho, ndinapeza chiganizo chimodzi choti wofuna kuletsa aimbire nambala yakutiyakuti, Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo.

Ndinalemba imelo yofotokoza bwinobwino kuti ndinasamuka, ndili ku Malawi, aleke kutumiza. Patatha masiku asanu anayankha mwaulemu kwambiri kuti nkhani zoletsa sazichita pa imelo, ndiimbe foni.

Nambala yomwe anandipatsa inali yoyamba ndi 0800. Ku Mangalande nambala zotere nzaulere, koma zambiri mwa izo sizilowa ukamaimba uli kunja kwa dzikolo. Yangayo inkangoduka. Zinanditengera masiku angapo kuti ndipeze nambala ina ya makasitomala a kunja, yomwe inabisala patsamba lina. Imeneyo si yaulere, ndipo WhatsApp sigwirapo. Umaimba ngati foni ya kunja, mayunitsi akutha pamphindi iliyonse.

Ulendo woyamba ndinamvera kanyimbo kodikirira kwa mphindi 11, mawu ojambulidwa akundiuza mobwerezabwereza kuti foni yanga njofunika kwa iwo, mpaka mayunitsi anatha. Mayi anga, omwe ankasenda mbatata pafupi, anandiyang'ana n'kufunsa kuti: "Kodi mwanawe, nyuzipepalayo yasanduka ngongole ya katapila?"

Ulendo wachiwiri ndinapeza munthu. Anandifunsa nambala yanga ya kasitomala. Ndinalibe. Nambalayo imalembedwa pakapepala ka adiresi kamene kamabwera ndi magazini, ndipo magaziniwo anali mulu pakhonde la ku Nottingham. Anati ayesa kundipeza ndi dzina komanso positikodi. Ndili mkati mokumbukira zilembo za positikodi, foni inaduka.

Kenako Khirisimasi inalowerera. Mnzanga amene ndinkakhala naye m'nyumba ija anali atachokapo, ndipo anabwerako mu Januwale. Ndinamulembera kuti: "Aise, tandijambulireko kapepala ka adiresi pamagazini aja." Anayankha ndi chithunzi komanso mawu oti: "Achimwene, mulu wake wafika poti tikhoza kuyatsira mbaula mwezi wathunthu."

Ulendo wachitatu, pakati pa Januwale 2025, zinatheka. Foni yonse inatenga mphindi 26. Mwa zimenezo, kuletsa kwenikweniko sikunafike mphindi ziwiri. Zina zonse zinali kudikira ndi kunyengereredwa.

Nayi masamu yake. Mapaundi 45 pa makope 13 ndi pafupifupi mapaundi 3.46 kope lililonse. Pomwe ndinalemba imelo ija mu Disembala anali atatumiza makope atatu. Kuonjezapo awiri omwe amati amakhala atakonzedwa kale, akanatsala asanu ndi atatu, ndipo akanandibwezera mapaundi 27.69. Pofika pakati pa Januwale anali atatumiza asanu ndi anayi, kuonjezapo awiri aja, anatsala awiri okha. Anandibwezera mapaundi 6.92. Kuchedwako kunandidyera mapaundi 20.77, osawerengera mayunitsi. Ndalama imeneyo sinagwe pansi. Inatsala m'thumba la yemwe anasankha kuti khomo lotulukira likhale foni.

Zomwe eni nyuzipepala amanena

Tisaweruze mlandu tisanamve mbali inayo. Osindikiza ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina mwa izo nzoona.

Choyamba, pepala si intaneti. Nkhani ya pa intaneti akhoza kukutsekera nthawi yomweyo, koma magazini imayenera kusindikizidwa, kukulungidwa, kumatidwa adiresi ndi kuperekedwa kwa otumiza. Mndandanda wa maadiresi umapita kosindikizira masiku angapo kope lisanatuluke. Choncho akamati kope limodzi kapena awiri abwerabe mutaletsa, sakunama. Apa ndikugwirizana nawo. Koma taonani bwino: zimenezi zikufotokoza chifukwa chofunira chidziwitso nthawi ikadalipo, osati chifukwa chofunira foni. Ndipotu imelo yanga ikanawafikira msanga kuposa foni, makope asanu ndi limodzi sakanasindikizidwa pachabe.

Chachiwiri, amati foni imawathandiza kutsimikiza kuti woletsayo ndi mwini wake, osati munthu wanjiru. Koma polowa sanafune kumva mawu anga. Anakhulupirira imelo ndi nambala ya akaunti potenga ndalama. Patsamba lawo lomwelo ndikanatha kusintha adiresi kuti magazini izipita kwa munthu wina, popanda kuimba foni. Ngati pasiwedi ikukwanira kusamutsa magazini, ikulephera bwanji kuiimitsa?

Chachitatu, amati anthu ambiri oletsa amakhala ndi vuto loti likhoza kukonzedwa: nyuzipepala ikufika mochedwa, ikunyowa ndi mvula, kapena mtengo wakwera. Pocheza pafoni vutolo limatha, munthu n'kukhalabe. Izinso zimachitika. Koma thandizo limaperekedwa kwa wolifuna. Ikani mabatani awiri, lina loti "ndili ndi dandaulo" lina loti "ndikuletsa", munthu asankhe yekha.

Chifukwa chenicheni, mmene ndikuonera ine, chili m'thumba. Nyuzipepala ya pepala imapeza ndalama kawiri pa wowerenga mmodzi: ndalama yomwe iye amalipira, komanso ya otsatsa malonda, omwe amayang'ana kuchuluka kwa makope ofalitsidwa. Ku Mangalande kuli mpaka bungwe lotsimikiza ziwerengero zimenezi, la Audit Bureau of Circulations. Wowerenga akachoka, zonse ziwiri zimatsika. Ndipo tikudziwa tonse kuti owerenga pepala akhala akuchepa kwa zaka zambiri chifukwa cha foni zomwe tagwira m'manjazi.

Ndiye foni imagwira ntchito ziwiri. Imapereka mpata woti akunyengerere, komanso imasefa anthu. Wogwira ntchito ya mashifiti amene amagona masana, wovutika kumva, wamanyazi ndi Chingelezi chake, amene wasamukira kunja ngati ine, onsewa amati "ndiimba mawa". Mawa lililonse ndi ndalama kwa kampani.

Ine ndimakonda nyuzipepala, ndipo mukuwerenga izi patsamba la nyuzipepala. Ndikudziwa kuti utolankhani umafuna ndalama. Koma nyuzipepala imagulitsa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho kukhulupirika. Singamalembe patsamba loyamba za makampani opondereza ogula, kuseri ikuchita zomwezo. Magazini ija ndinkaikonda, ndipo akanandilola kutuluka mwaulemu bwenzi pano ndikulipira ya pa intaneti. Lero ngakhale anditsitsire mtengo chotani, sindingayandikirenso.

Malamulo akuti chiyani?

Nkhaniyi si yanga ndekha, maboma akulimbana nayo. Ku Jeremani, kuyambira Julayi 2022, lamulo limati kampani yomwe imalembetsa anthu mapangano otere pa intaneti iikenso batani loletsera pa intaneti pomwepo.

Ku Amereka, bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo mu Okutobala 2024 loti kuletsa kukhale kosavuta ngati kulembetsa. Koma mu Julayi 2025, patatsala masiku ochepa kuti liyambe kugwira ntchito mokwanira, khoti la apilo linalithetsa ponena kuti bungwelo silinatsate ndondomeko yonse polikonza. Onani kuti khotilo linagamula pa kakonzedwe ka lamulolo, osati kunena kuti kutsekereza anthu nkwabwino.

Ku Mangalande komwe kunali mlandu wanga, pali lamulo la 2013 lomwe limapatsa munthu wogula zinthu pa intaneti masiku 14 oti asinthe maganizo. Kwa wolembetsa magazini, masikuwo amawerengedwa kuchokera pomwe kope loyamba lafika, ndipo m'masiku amenewo uthenga uliwonse womveka bwino, ngakhale imelo, umakwanira. Kampani singakukakamize foni. Vuto ndi loti mtengo wokopa uja unali wa masabata 12. Pomwe mtengo weniweni umayamba kuluma, masiku 14 anali atatha kalekale, ndipo chotsala ndi zomwe zinalembedwa m'timalemba tija.

Mu 2024 nyumba ya malamulo ya kumeneko inavomereza lamulo latsopano lomwe, mwa zina, likuti wolembetsa pa intaneti athe kuletsanso pa intaneti, komanso kuti kampani izikumbutsa munthu isanamudulenso ndalama. Kungoti gawo limeneli silinayambe kugwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo pomwe ine ndinkamvera kanyimbo kaja linali lisanayambe.

Ngati foniyo muyenera kuimba basi

Kudandaula kokha sikubweza ndalama. Enanu muli kunja, enanu mukupita, enanso muli ndi m'bale amene akulimbana ndi zomwezi. Nazi zomwe ndinaphunzira ndi mayunitsi anga.

Musanaimbe, sonkhanitsani zida. Mufunika nambala ya kasitomala, yomwe imakhala pakapepala ka adiresi kapena mu imelo yoyamba yomwe anakutumizirani polembetsa. Ine ndinadzaipeza mu imelo yanga nkhani itatha kale, ndikanangofufuza bwenzi ndisanavutitse mnzanga. Mufunikanso adiresi ndi positikodi monga zinalembedwera, komanso tsiku lomwe adzadulenso ndalama. Tsiku limenelo ndiye mdani wanu. Imbani kukadali masabata awiri kapena atatu, chifukwa cha makope okonzedwa kale aja komanso chifukwa foni yoyamba ikhoza kulephereka.

Woimba akhale mwini dzina. Mukaimbira m'malo mwa bambo anu kapena mkazi wanu, kawirikawiri amakana kukamba nanu pokhapokha mwiniwakeyo alankhulepo.

Werengerani nthawi. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, Malawi amakhala patsogolo pa Mangalande ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi. Choncho 9 koloko yawo mu Januwale ndi 11 koloko yathu. Ine foni yomwe inatheka ndinaimba atangotsegula kumene, pakati pa sabata, nditathira mayunitsi okwanira theka la ola.

Munthu akayankha, nenani chiganizo chimodzi chomveka: ndikufuna kuletsa mgwirizano wanga lero, ndipo musadzadulenso ndalama. Adzakufunsani chifukwa. Dziwani kuti chifukwa chilichonse chili ndi yankho lake lokonzeratu. Nditati ndinasamukira ku Malawi, mayi amene ndinkalankhula nayeyo anati atha kumatumiza kunja. Nditati nzodula, anati anditsitsira mtengo ndi theka kwa miyezi itatu. Nditati ndilibe nthawi yowerenga, anati ndiye angoimitsa kaye kwa masabata angapo. Apo mpomwe ndinazindikira kuti ndikudzichedwetsa ndekha. Ndinangoti: "Zikomo mayi, koma chonde ingoletsani." Ndinabwereza kawiri, nkhani inatha.

Osamukalipira wolandira foniyo. Iye sanapange lamuloli, akungotsata zomwe anamulembera, mwinanso mabwana ake amamuwerengera anthu omwe wawabweza. Ulemu ndi kuuma mutu zikayendera limodzi, foni imafupika.

Chenjerani ndi mawu atatu omwe amamveka ofanana koma ndi osiyana. Kuimitsa kaye kumatanthauza kuti magazini isiya kubwera kwa kanthawi, kenako iyambiranso yokha, ndalamanso ziyambiranso kudulidwa. Uwu ndiye msampha waukulu, chifukwa pakhomo pamakhala zii, inu n'kumaganiza kuti zinatheka. Kuletsa pakutha pa nyengo kumatanthauza kuti makope omwe munalipira kale abwera onse, koma sadulanso zina. Kuletsa pompano kumatanthauza kuti asiye kutumiza ndipo, ngati mgwirizano wanu ukulola, akubwezereni ndalama ya makope otsala. Si makampani onse amabweza, ndiye funsani mwachindunji. Kwa ine amene makope ankagwera kunyumba yopanda ine, chachitatuchi ndicho chinali chanzeru.

Musadule foni musanapeze zinthu zinayi: dzina loyamba la amene mwalankhula naye, nambala ya umboni woti mwaletsa, tsiku la kope lomaliza, ndi ndalama yomwe akubwezereni. Pemphani kuti akutumizireni imelo yotsimikiza. Kuipa kwa foni nkoti mawu amauluka, mawa akhoza kunena kuti m'makina mwawo mulibe chilichonse. Choncho mukangodula, jambulani sikirini yoonetsa nambala yomwe munaimba, tsiku ndi kutalika kwa foniyo. Kenako alembereni imelo yachidule yoti lero nthawi yakuti ndalankhula ndi uje, ndaletsa, nambala ya umboni ndi iyi. Ngakhale asayankhe, inu muli ndi pogwira.

Bwanji osangotseka ku banki?

Anzanga angapo anandiuza kuti ndikuvutikiranji, ndingotseka mpopi ku banki. Funso labwino, ndipo theka lake ndi loona.

Ku Mangalande njira yomwe makampani ambiri amadulira ndalama imalembedwa kuti Direct Debit mu apu ya banki. Muli ndi ufulu woiletsa nthawi iliyonse kudzera ku banki yanu, ndipo m'maapu ambiri ndi nkhani yongodina. Pali chitsimikizo choti akakudulani molakwika, banki ikubwezereni ndalama yonse nthawi yomweyo. Ngati munalipira ndi khadi, lamulo limalolanso kuuza banki kuti isiye kupereka ndalama ku kampaniyo, ndipo banki iyenera kumvera.

Koma kutseka ndalama si kuthetsa mgwirizano. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makampani ena akaona kuti ndalama sinalowe amangosiya kutumiza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena amapitiriza kutumiza, kenako n'kukulemberani kuti muli ndi ngongole, makamaka ngati munalonjeza kukhala nawo chaka chathunthu. Komanso kutseka ku banki sikukubwezerani ndalama ya makope omwe munalipira kale.

Ndondomeko yabwino ndi iyi: yambani mwalemba imelo yoletsa kuti pakhale tsiku lolembedwa, imbani foni, ndipo mukalandira nambala ya umboni pitani mu apu mukaletse Direct Debit. Ngati foni ikukanika ndipo tsiku lodula layandikira, tsekani ku banki kukadali masiku angapo, n'kuwalembera kuti mwatero ndi chifukwa chake. Mukadikira tsiku lenilenilo mukhoza kupeza ndalama yanyamuka kale.

Mudzadziwa bwanji kuti zathekadi? Osadalira pakhomo. Kope limodzi kapena awiri akhoza kubwerabe ngakhale zonse zili bwino, ndipo pakhomo pakhoza kukhala zii pomwe angoimitsa kaye. Umboni weniweni ndi imelo yotsimikiza yokhala ndi tsiku lomaliza, komanso akaunti yanu ya ku banki pa tsiku lomwe akanadula. Ine ndinaika alamu pafoni ya pakati pa Febuluwale 2025. Tsikulo litafika ndinatsegula apu, ndalama inali yosakhudzidwa. Apo mpomwe ndinapuma.

Tisadikire kuti mono ufike kwathu

Wina anena kuti awa ndi mavuto a anthu okhala kunja. Mwina lero. Koma kalipiridwe kodzidula kokhaka kafika kale m'mafoni athu. Ndani sanamvepo munthu akudandaula kuti mayunitsi akungodyedwa ndi kanthu komwe sakumbukira kuti analembetsa liti, ndipo sakudziwa kotulukira? Nyuzipepala ndi magazini za kuno nazonso zikamafunafuna njira zoti owerenga azilipira mwezi ndi mwezi, zidzakumana ndi yesero lomweli. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pempho langa kwa osindikiza athu ndi loti asatengere khalidweli. Wolembetsa pa WhatsApp athe kuletsa pa WhatsApp. Wolembetsa ku ofesi asauzidwe kuti kuletsa nkwa bwana amene ali ku msonkhano. Nenani poyera masiku omwe mukufuna kuti mudziwitsidwe, tikupatsani, chifukwa pepala lili ndi ndondomeko yake. Ndipo bungwe lathu loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, lingachite bwino kuiyang'ana nkhaniyi isanakule, n'kunena momveka kuti njira yotulukira isakhale yovuta kuposa yolowera.

Kwa inu anzanga, kachizolowezi kamodzi kokha. Musanadine batani lolembetsa chilichonse, yambani mwafufuza poletsera. Mukapeza kuti palembedwa nambala ya foni yokha, onani ngati nambalayo mungaiimbe kuchokera komwe mudzakhale miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, ndipo lembani pakalendala tsiku lomwe mtengo wokopa udzathe. Ine ndikanachita zimenezi mu Febuluwale 2024, bwenzi mapaundi 45 aja atalipira mapepala anga a kusukulu, osati mulu wa magazini womwe mnzanga anakautaya kubini osautsegula n'komwe.